Ndachotsa chinthu pa chithunzi koma mthunzi wake watsala: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndimafunsidwa mobwerezabwereza ndi anthu amene amaedita zithunzi, ena pa foni ena pa kompyuta, ndiye ndawasonkhanitsa pamodzi. Poyankha ndizibwerera ku chithunzi chimodzi chomwe ndinagwirapo ntchito: khonde la matailosi osalala, khoma loyera kumbuyo, mpando wofiira wapulasitiki uli pakati, dzuwa likuchokera kumanzere. Mwini chithunzi ankafuna mpandowo uchoke basi.

Chinthucho ndachichotsa bwinobwino koma chithunzi chikuonekabe kuti chinakhudzidwa, vuto ndi chani?

Nthawi zambiri vuto si pamene panali chinthucho ayi, vuto ndi zomwe chinthucho chinkachita ku malo ochizungulira. Mpando uja unasiya zinthu zinayi. Panali mthunzi wautali wopita kumanja, panali timadontho takuda tinayi pamene miyendo inkagunda pansi, panali chinyezimiro chake m'matailosi ngati mmene munthu amadzionera m'madzi, komanso khoma loyera lija linali litafiirirako pang'ono chakumunsi chifukwa kuwala kwa dzuwa kumagunda mpando nkudumphira pakhoma kutatenga mtundu wofiira.

Munthu wamba akayang'ana sangakuuzeni kuti "apa pali mthunzi wopanda mwini", amangoti chithunzichi chili ndi kenakake. Maso athu anazolowera kuti mthunzi uliwonse uli ndi mwini wake, ndiye mwiniyo akasowa maso amakakamira pompo.

Mthunzi ndi chinyezimiro si chinthu chimodzi? Bwanji osangofufuta zonse mofanana?

Si chimodzi, ndipo mukamvetsa apa zina zonse zimaphweka. Mthunzi ndi kuchepa kwa kuwala. Tailosi yomwe ili mumthunzi ilipobe yonse, mizere yake, timing'alu take, fumbi lake, zonse zilipo kungoti zada. Ndiye nthawi zambiri mthunzi sitiufufuta, timauwalitsa mpaka ufanane ndi malo oyandikana nawo, chifukwa pansi pakepo pali tailosi yeniyeni yomwe palibe tulu ingaipange bwino kuposa mmene kamera inaijambulira.

Chinyezimiro ndi kuwala kowonjezera komwe kwasanjikika pamwamba pa malowo, ndipo kumabwera ndi mtundu komanso maonekedwe a chinthu chomwe mwachotsacho. Ichi simungachiwalitse kapena kuchidetsa nkutha, mukatero mungokhala ndi mpando wofiira wowala kapena mpando wofiira wakuda, koma mpando ulipobe. Chinyezimiro chimafuna kuti muike m'malo mwake chomwe chikanaoneka pamenepo mpando ukanakhala kuti palibe.

Ndingadziwe bwanji komwe zotsalirazi zili ndisanayambe?

Musanagwire tulu iliyonse yang'anani kaye mithunzi ya zinthu zina pachithunzipo, mzati, mtengo, munthu, muone komwe ikulowera. Mthunzi wa chinthu chanu ukulowera komweko, kuthawa gwero la kuwala. Kutalika kwake mutha kukuyerekeza: dzuwa likakhala pa madigiri 45 mthunzi umatalika mofanana ndi chinthucho, likatsika kufika pa madigiri 30 mthunzi umatalika pafupifupi ka 1.7. Mpando wa masentimita 80 pa dzuwa lotsika chonchi umaponya mthunzi wa masentimita pafupifupi 140, ndiye musadabwe kupeza mutu wa mthunziwo uli kutali, mwina wakwera kale pakhoma kapena wagwera pa phazi la munthu wina. M'nyumba momwe muli mababu atatu, yembekezerani mithunzi itatu, iwiri yotuwa yovuta kuiona.

Chinyezimiro chilibe nazo ntchito zakuti kuwala kukuchokera kuti. Pa malo ogona osalala monga madzi, tebulo kapena matailosi, chimakhala pansi penipeni pa chinthucho, chozondoka, kutsikira kumunsi kwa chithunzi. Ndiye pa chithunzi changa mthunzi unkapita kumanja pomwe chinyezimiro chinkatsika molunjika, malo awiri osiyana. Kenako sakani malo ena onse onyezimira: mawindo, chitseko cha galimoto, magalasi a m'maso, sikirini ya TV yozimitsa, ngakhale m'maso mwa munthu ngati chithunzi chili chapafupi.

Kanjira komwe ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse mu Photoshop ndi aka. Pamwamba pa maleya onse ikani leya ya Curves nkuipinda mopyola muyezo kuti kusiyana kwa kuda ndi kuwala kukule kwambiri, kenako ikaninso Hue/Saturation nkukweza Saturation mpaka cha m'ma +70. Chithunzi chioneka choipa koma chilichonse chobisala chitulukira, kufiirira kwa pakhoma kuja ndinakuona chonchi, ndi maso okha sindinakuone. Maleya awiriwa ndi ongoyang'anira, mukamaliza ntchito muwazimitse.

Ndiyambe kuchotsa chinthucho kenako mthunzi, kapena zonse pakamodzi?

Ngati pansipo ndi malo opanda dongosolo lenileni, udzu, mchenga, msewu wa tala, sankhani chinthucho pamodzi ndi mthunzi wake pakamodzi, nkukulitsa selekishoni ndi Select > Modify > Expand, mapikiselo 10 mpaka 20 pa chithunzi chachikulu, kuti m'mphepete mofewa mwa mthunzi mulowenso mkati. Chifukwa chake nchakuti matulu odzaza okha ngati Content-Aware Fill amatenga zodzazira kuchokera pa zomwe zazungulira bowolo. Mukasiya mthunzi m'mphepete mwa bowo, tuluyo imaona ngati kudako ndi mbali ya pansi, ndiye imakukokera mkati, mumapeza chibanga chakuda chakula kuposa poyamba. Mu Content-Aware Fill muli malo obiriwira osonyeza komwe ikutengako, fufutani kubiriwirako pa mthunzi uliwonse.

Koma ngati pansipo pali dongosolo, matailosi, njerwa, matabwa, kapeti ya maluwa, musasankhe mthunzi wonse. Yambani mwauwalitsa monga ndafotokozera m'munsimu pa funso la kuwalitsa mthunzi, kenako muchotse chinthucho pomwe malo ochizungulira ali kale owala mofanana. Mukatero bowo lofunika kudzaza limakhala laling'ono, la mpando wokha, osati mpando ndi mthunzi wa masentimita 140.

Nchifukwa chani tulu ya AI ikumaikapo chinthu china pamalo pomwe ndachotsapo?

Zimachitika kwambiri ndi Generative Fill ndi anzake. Mwachotsa munthu, yaikapo munthu wina kapena chimtengo. Kawirikawiri ndi mthunzi kapena chinyezimiro chomwe mwasiya panja pa selekishoni. Tuluyo imaona mthunzi wayambira pamenepo ndiye imapanga chinthu choti chikhale mwini wake. Bwererani, phatikizani mthunziwo ndi chinyezimirocho mu selekishoni, komanso selekishoniyo isatsatire ndendende maonekedwe a chinthucho, ikhale yotakasuka, chifukwa bowo looneka ngati munthu limakokanso munthu.

Ndimawalitsa bwanji mthunzi kuti ufanane ndi malo ena? Ndikakweza kuwala pakumatuluka buluu

Funso ili ndikhalapo nthawi chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amagwa. Mthunzi wapanja si wakuda chabe, ndi wabuluu. Malo owala akulandira kuwala kwa dzuwa komwe kumapendekera ku chikasu, pomwe malo a mumthunzi akulandira kuwala kochokera kuthambo kokha, ndipo thambo ndi labuluu. Mukangokweza Brightness kapena kupaka Dodge, buluu uja amakwera nawo, mumathera ndi chibanga chotuwa mwabuluu chooneka ndendende ngati mthunzi womwe mumachotsa uja.

Njira yake ndi kuyeza manambala. Mu Photoshop tengani Color Sampler Tool, pa Sample Size musankhe 11 by 11 Average kuti isawerenge pikiselo imodzi yokha, ikani dontho limodzi pa tailosi yowala ndi lina pa tailosi yomweyo mbali yomwe ili mumthunzi, moyandikana momwe mungathere. Pa chithunzi changa Info inandipatsa izi:

```
kowala:    R 198  G 190  B 178
mumthunzi: R 96   G 101  B 112
```

Taonani mmene zilili. Kowala R ndi wamkulu kuposa B, mumthunzi zatembenuka, B ndi amene ali pamwamba. Kuti zifanane R akufunika kukwera kupitirira kawiri, G pafupifupi kawiri, koma B ka 1.6 kokha. Nchifukwa chake silaida imodzi singakwanitse.

Ndiye pangani leya ya Curves, musankhe Red, ikani dontho pamzere, pa Input lembani 96 pa Output 198. Pitani ku Green, Input 101 Output 190. Blue, Input 112 Output 178. Chithunzi chonse chiyera mbuu, musachite mantha. Dinani pa masiki ya leyayo, Ctrl+I kuti ide yonse, kenako ndi burashi yoyera pakani pa mthunzi pokha. Mkati mwa mthunzi pakani ndi mphamvu yonse, mthunzi uzimiririka mukuona, ndipo mizere ya matailosi yomwe inali mumdima ituluka yokha ili pamalo pake.

Mthunzi wautali suda mofanana ponse, pafupi ndi miyendo umada kwambiri kuposa kumutu. Ine ndinaika maleya awiri a Curves, imodzi ya mthunzi wonse, ina yowonjezera pang'ono chakumiyendo. Komanso pamene mthunzi wachoka pa matailosi nkukwera pakhoma, yezaninso manambala atsopano, khoma lili ndi leya yakeyake.

Mu GIMP ndi chimodzimodzi, kungoti mumakopa leya, kuikonza ndi Colors > Curves, nkuipatsa masiki yakuda ndi Add Layer Mask.

Mkati mwayera bwino koma m'mphepete mwatsala mzere, kwina wakuda kwina wowala ngati mphete. Nditani?

M'mphepete mwa mthunzi si mpeni, kuda kumatha pang'onopang'ono. Dzuwa si kadontho, lili ndi kukula kwake kumwambako, pafupifupi theka la digiri, ndiye m'mphepete mwa mthunzi mumafewa pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse yomwe mthunzi watalikirana ndi chinthu chouponya. Pafupi ndi mwendo wa mpando m'mphepete ndi mwakuthwa, kumutu kwa mthunzi ndi mofewerapo. Kukakhala mitambo kapena kuwala kwa pawindo kufewako kumakula kwambiri.

Masiki yanu ikapyola m'mphepetemo mumawalitsa malo omwe anali owala kale, ndiye pamabwera mphete yowala. Ikaperewera pamatsala mzere wakuda. Kuti muchepetse, sinthani kufewa kwa burashi motsatira mthunzi: Hardness yokwera pafupi ndi miyendo, yotsika kumutu, Flow cha m'ma 10%, mukupaka ndi yoyera kenako kubweza ndi yakuda, batani la X limasinthanitsa ziwirizi.

Koma kunena zoona masiki singagwirizane ndi m'mphepete mwa mthunzi ndendende, kamzere katsala basi. Musataye ola lathunthu pamenepo. Mukafika poti kamzereko ndi kopyapyala, pangani leya yatsopano yopanda kanthu, tengani Healing Brush, pa Sample muike Current & Below, burashi yokulirapo pang'ono kuposa kamzereko, nkumatsatira pang'onopang'ono. Pano imagwira bwino chifukwa mbali zonse ziwiri za mzere zafanana kale kuwala. Mukafika pomwe kamzereko kadutsa mzere wa pakati pa matailosi, tengani sampulo pa mzere womwewo wa tailosi kuti usaduke.

Timadontho takuda pomwe chinthu chimagunda pansi sitikuwala ngakhale ndikweze Curves

Sitingawale. Pamenepo kuwala sikunafikeko nkomwe, manambala ake amakhala pafupi ndi 0, mwina 8 kapena 12, mulibe tailosi yoti muitulutse, mukakakamiza mumangotulutsa timadontho tobiriwira ndi tofiira. Apa ndi pa Clone Stamp basi. Ndi tating'ono, sititenga nthawi, koma nditomwe anthu amaiwala kwambiri chifukwa selekishoni yodzisankha yokha imathera pa mwendo weniweni nkusiya kakuda kaja. Chitani zumu 200% pa malo alionse omwe chinthucho chinkakhudza pansi.

Healing Brush ikumapaka chinthu chonga utsi pafupi ndi m'mphepete mwa zinthu. Ndagwiritsa ntchito molakwika?

Ndi mmene imagwirira ntchito. Healing Brush imatenga kukhakhala kwa malo omwe mwasampula koma mtundu ndi kuwala imatenga kuchokera m'mphepete mwa pomwe mukupaka. Ndiye mukapaka pafupi ndi nsapato yakuda kapena pomwe khoma loyera lakumana ndi pansi, imakoka mtundu wa mbali inayo nkuupaka ngati utsi. Pafupi ndi m'mphepete yambani ndi Clone Stamp kuti mutsegule kampata koyera, kenako Healing Brush ibwere pakatikati. Njira ina ndi kupanga selekishoni yothera pa m'mphepetemo kuti burashi isawolokere kutsidya. Mu Photoshop sampulo mumatenga ndi Alt ndi kudina, mu GIMP ndi Ctrl ndi kudina.

Posampula musatenge malo amodzimodzi kangapo. Ngati pa tailosi pali kabanga kodziwika nkukaonekera katatu motsatizana, aliyense adziwa. Sinthani sampulo pafupipafupi, ndipo tengani kuchokera kumanzere kapena kumanja pa mtunda womwewo kuchokera ku kamera, osati kumwamba kapena kumunsi kwa chithunzi, chifukwa zinthu zakutali ndi zazing'ono ndipo mwina sizili mu fokasi mofanana.

Nanga chinyezimiro cha pa matailosi, patebulo kapena m'madzi ndichichotse bwanji?

Dzifunseni kaye kuti mpando ukanapanda kukhalapo, matailosiwa akanaonetsa chani pamenepo? Yankho si "palibe". Akanaonetsa chomwe chili kumbuyo kwa mpando, pa chithunzi changa ndi khoma loyera lija ndi kachigawo ka windo. Anthu ambiri amafufuta chinyezimiro nkuikapo tailosi yosanyezimira, ndiye pamakhala chigamba chouma pakati pa malo onyezimira, ngati pamenepo pokha sanakolope.

Chinyezimiro chikakhala chofooka, monga zimakhalira pa matailosi ambiri, mtundu wokha ndi umene wasintha koma mizere ndi kukhakhala kwa tailosi zikuonekabe. Apa ndimagawa chithunzi pawiri, mtundu payokha kukhakhala payokha. Kopani leya kawiri. Ya pansi ipatseni Gaussian Blur mpaka kukhakhala kuzimiririke koma maonekedwe akuluakulu akuonekabe, ine ndinaika 8 pa chithunzi cha mapikiselo 6000 m'litali. Ya pamwamba pitani ku Image > Apply Image, pa Layer musankhe yosawoneka bwino ija, ndipo pa chithunzi cha 8-bit muike izi:

```
Blending: Subtract
Scale: 2
Offset: 128
```

Kenako leya ya pamwambayo muisinthe kukhala Linear Light. Chithunzi chibwerera mmene chinalili, koma tsopano chofiira chija chili pa leya ya pansi pokha. Pakati pa maleya awiriwa ikani leya yopanda kanthu, ndi burashi yofewa tengani mtundu wa matailosi oyandikana nawo kumanzere ndi kumanja nkumapaka pa chofiiracho, osaiwala kupitiriza kuyera kwa chinyezimiro cha khoma kuti kudutse pamenepo. Mizere ya matailosi sikhudzidwa chifukwa ili pa leya ya pamwamba. M'mphepete mwakuthwa mwa miyendo ya mpando motsalira pa leya ya pamwamba muchotse ndi Clone Stamp, Sample ili pa Current Layer. Mu GIMP zomwezi zimatheka ndi Grain extract ndi Grain merge.

Chinyezimiro chikakhala champhamvu ngati kalilole, monga pa madzi odekha kapena tebulo lakuda lopolishidwa, kugawa sikuthandiza. Konzani kaye mbali ya pamwamba yeniyeniyo, kenako kopani malo okonzedwawo, Flip Vertical, tsitsani pamalo pa chinyezimiro, muchidetse pang'ono ndi kuchifewetsa mpaka chifanane ndi zinyezimiro zoyandikana nazo, nkubisa m'mphepete ndi masiki. Izi zimagwira bwino kamera ikakhala pafupi ndi pansi. Ikakhala pamwamba kuyang'ana pansi, chinyezimiro sichifanana ndendende ndi chithunzi chozondotsa, zinthu zapafupi ndi zakutali zimasuntha mosiyana, ndiye muyenera kusuntha zidutswa payekhapayekha.

Pa madzi a mafunde chinyezimiro chimatambasuka kutsika kupitirira pomwe mukuganizira, timizere tofiira timapezeka kutali kumunsi. Kopani chopingasa, kuchokera kumanzere kapena kumanja, chifukwa mafunde apafupi ndi akuluakulu ndipo akutali ndi opanikizana.

Munthu ndamuchotsa koma akuonekabe pa windo ndi pa chitseko cha galimoto

Pa windo pali zinthu ziwiri zosanjikizana, zomwe zili mkati mwa nyumba ndi zomwe zikunyezimira kuchokera panja. Ngati mkati muli mdima ntchito ndi yosavuta, kopani kuchokera pa galasi lomwelo kapena loyandikana nalo. Ngati chinyezimirocho ndi chowala kuposa malo ochizungulira, ikani Mode ya Clone Stamp pa Darken, izidetsa zowala zokha osakhudza zomwe zili zakuda kale monga mafelemu ndi makatani. Chikakhala chakuda kuposa malo ozungulira, monga munthu atatchinga chinyezimiro cha thambo, ikani pa Lighten.

Pa galimoto thupi ndi lopindika ndiye munthu uja amaoneka wopotoka, nthawi zina ndi kachibanga chabe koti simungakazindikire mpaka mutayatsa ndi kuzimitsa leya. Penti ya galimoto ndi yosalala, ilibe kukhakhala kwambiri, ndiye burashi wamba yofewa imagwira kuposa Clone Stamp, mukutsatira mmene mizere ya kuwala ikupindikira pathupipo, kenako muwonjezere timadontho ta kamera monga ndafotokozera m'munsimu pa funso la malo osalala mopitirira.

Pakhoma patsala kamtundu ka chinthu chomwe ndachotsa

Ichi nchosavuta. Leya yatsopano, Mode pa Color, tengani mtundu wa khoma pamalo oyera oyandikana nawo, pakani ndi burashi yaikulu yofewa. Mtundu usintha, kuwala ndi kukhakhala zikhala momwemo. Yang'aninso pa zovala zoyera ndi pansi pa chibwano cha munthu yemwe anaima pafupi ndi chinthucho. Pakhungu pakani mochepa kwambiri, mukachulukitsa khungu limatuwa ngati lapakidwa phulusa.

Mthunzi wa chinthu chomwe ndachotsa walumikizana ndi wa munthu yemwe akutsala, ndidule pati?

Apa samalani, chifukwa kuchotsa mthunzi wambiri ndi koipa chimodzimodzi ndi kuusiya. Munthu wopanda mthunzi amaoneka ngati akuyandama kapena ngati anamumata. Ine zinandichitikira pa chithunzi cha anthu atatu pomwe ankafuna wapakati achoke, ndinapukuta mthunzi wonse pansi poti unali chimthunzi chimodzi cholumikizana, mwini chithunzi atachiona anati anthu awiriwa akuoneka ngati awadula m'magazini, ndipo ankanena zoona, ndinayambiranso.

Chothandiza nchakuti ngati gwero la kuwala ndi limodzi, mithunzi iwiri ikasanjikizana siida kawiri, imada mofanana ponse. Ndiye mthunzi wa munthu wotsalayo ulipo kale mkati mwa chimthunzicho, ntchito yanu ndi kuusema. Jambulani mzere kuchokera kuphazi kwake kutsatira komwe mithunzi ina ikulowera, yerekezani kutalika pofanizira ndi mthunzi wa chinthu china choima, kenako pa masiki ya Curves ija pakani choyera panja pa maonekedwe akewo pokha, mkati musiye. M'mphepete mwatsopano mufewetse mofanana ndi mbali inayo ya mthunzi wake.

Ngati mthunzi wa chinthu chochotsedwa unagwera pathupi la munthuyo, pa mwendo kapena pa diresi, ndi Curves yomweyo koma nsalu iliyonse ndi khungu zikhale ndi manambala akeake.

Malo omwe ndakonza akuoneka osalala mopitirira, kapena ali ndi timadontho tambiri kuposa kwina

Zonse ziwiri zimachitika. Pomwe mwapaka ndi burashi kapena tulu yodzaza yokha pamasalala chifukwa timadontho ta kamera tapita. Pangani leya yodzaza ndi 50% Gray, Mode pa Overlay, Filter > Noise > Add Noise, cha m'ma 1% mpaka 3%, Gaussian, chongani Monochromatic, kenako Gaussian Blur ya 0.3 kapena 0.5 kuti timadontho tisakhale takuthwa, nkuonetsa ndi masiki pa malo okonzedwa okha. Fanizirani pa zumu 100%.

Pomwe mwawalitsa mthunzi ndi mosiyana, timadontho timachuluka chifukwa mwatikweza kawiri pamodzi ndi kuwala. Pamenepo chepetsani timadontho pa malo okhawo, makamaka ta mitundu. Ngati chithunzicho ndi JPEG yomwe yadutsa pa WhatsApp, mumthunzi mumatuluka timabokosi, chifukwa JPEG imasunga chithunzi m'timabwalo ta mapikiselo 8 kwa 8 ndipo ikapanikizidwa kwambiri timabwaloto timaonekera mukangowalitsa. Zikatero kuwalitsa sikungakupatseni tailosi yabwino, kuli bwino kukopa tailosi yathunthu kuchokera kowala nkuikhazika ndi Edit > Transform > Distort kuti ngodya zake zinayi zigwere pa ngodya za yakale. Musanavutike pemphani kaye fayilo yoyambirira, ngati pali RAW ndiye bwino kwambiri.

Ndilibe kompyuta, pa foni zingatheke?

Pa udzu, mchenga ndi khoma lopanda dongosolo zimatheka ndithu. Magic Eraser ya mu Google Photos, Object eraser ya pa mafoni a Samsung ndi Clean Up ya pa iPhone zonse zimalola kuzungulira malo ndi chala, ndiye zungulirani chinthucho pamodzi ndi mthunzi wake, osangodina pa chinthu chokha. Mu Snapseed muli Healing ya timalo tating'ono, ndipo kuwalitsa mthunzi mutha kugwiritsa ntchito Brush, Exposure pang'ono kenako Temperature kuti buluu uja achoke. Kuliko ndi Curves yokhala ndi Red, Green ndi Blue, ndipo mukaiika mutha kulowa mu View edits nkuipaka pa malo amodzi okha. Chovuta pa foni ndi matailosi ndi njerwa, mizere imapindika kapena kuduka, ndipo pa sikirini yaing'ono simuona mpaka wina atatsegula pa kompyuta, ndiye chitani zumu mpaka mapeto nkutsatira mzere uliwonse wodutsa pomwe mwakonzapo.

Ndidziwa bwanji kuti ndamaliza?

Yatsaninso maleya oyang'anira aja a Curves ndi Hue/Saturation, ngati maonekedwe a mthunzi akutulukabe ngati chipsera ndiye simunamalize. Kenako chepetsani chithunzi chikhale kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Pa zumu yaikulu mumaona timadontho koma simuona zibanga zazikulu zofooka, izi zimaoneka chithunzi chikachepa. Tembenuzaninso chithunzi ndi Flip Canvas Horizontal, maso omwe azolowera chithunzicho amayambiranso kuchiona mwatsopano. Pa chithunzi cha mpando uja nditatembenuza ndipamene ndinaona kuti mzere umodzi wa matailosi unali utakhota pang'ono pomwe panali mwendo wakumbuyo.

Ngati ndikudziwiratu kuti chinthu china ndidzachichotsa, ndijambule bwanji?

Ngati chingasunthike chisuntheni, kunyamula mpando ndi masekondi khumi. Ngati nchofunika pojambulapo, monga munthu wogwira laiti kapena chogwirizira katundu, ikani kamera pa tiraipodi, tsekani fokasi ndi Exposure pa Manual, jambulani chithunzi chanu, kenako chotsani chinthucho nkujambulanso malo opanda kanthu kamera isanasunthe. Chitani mwachangu chifukwa dzuwa limasuntha ndipo mtambo ukabwera kuwala kumasintha. Pokonza ikani chithunzi chopanda kanthucho pansi, chinacho pamwamba ndi masiki, nkupaka chakuda pa chinthucho, pa mthunzi wake, pa chinyezimiro chake ndi pa khoma lofiirira lija, pansipo patuluka malo enieni momwe analili.